Kalata ya imelo yosintha ndondomeko ya ntchito

Imelo yodziwitsa anthu ogwira ntchito limodzi kuti nthawi yasintha imaulula nkhani yake pamutu pomwe, mwachitsanzo: "Msonkhano wa Lachiwiri wasunthira Lachinayi." Chiganizo choyamba chimatchula nthawi yakale ndi yatsopano moyandikana, kuti amene analemba kale m'buku lake adziwe chofufuta. Mawu akuti "mawa" amasokoneza, chifukwa wina amatsegula kalatayo patapita masiku awiri. Tsiku ndi deti ndiye zodalirika.

Chifukwa chosinthira chimakwana m'chiganizo chimodzi. Povuta ndi pogawa ntchito. Kulemba kuti "chipinda chikonzedwe" kumasiya aliyense akuyembekeza mnzake, koma "mlembi asungitse chipinda pofika Lolemba masana" kumaloza munthu ndi nthawi yomwe. Zimene sizinasinthe, monga malo, nazonso zimatchulidwa, kuopa kuti ena angaziyese zasinthanso.