Anakudulani msonkho, koma kodi boma lili nanu ngongole?

Mayi wina amene timapemphera limodzi anandipeza kunyumba Loweruka lina atanyamula envulopu yakhaki yofufuma ndi mapepala. Ntchito yawo ndi yomasulira zolemba ndi kuphunzitsa pa misonkhano ya mabungwe, ndipo sanalembedwe ntchito paliponse. Bungwe likawaitana amagwira, amapereka inivoisi, amalandira zawo. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Achimwene, a MRA akundisungira K2,800,000. Mundithandize kulemba kalata andibwezere."

Ndinawafunsa kuti nambala imeneyi aitenga kuti. Anati aphatikiza zonse zimene mabungwe anawadula m'chaka chonse. Kuwonkhetsako kunali kolondola, koma ndalama imeneyo sinali yoti ibwerere yonse.

Malamulo a msonkho m'Malawi muno amalamula kampani kapena bungwe limene likulipira munthu pa ntchito ngati ya mayiwa kuti lidule K20 pa K100 iliyonse, n'kukapereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Wodulayo sadziwa kuti munthuyo wapeza zingati kwina, kapena wawononga zingati kuti ntchitoyo itheke. Amangodula pa ndalama yonse imene ili pa inivoisi. Choncho chodulidwacho chili ngati chikole. Msonkho weniweni umadziwika chaka chikatha, pamene zonse zimene munthu wapeza zaikidwa pamodzi. Chikole chikaposa msonkho weniweni, chapamwambacho ndicho chobweza. Chikachepa, munthuyo ndiye ayenera kuonjezera.

Tinayala mapepala patebulo, ndipo ndinajambula mzere pakati pa tsamba la kope: kumanzere zimene anadulidwa, kumanja zimene amayenera kulipira. Chaka chake chinali choyamba pa 1 Epulo 2024 n'kutha pa 31 Malichi 2025. Izi zimasokonezabe anthu, chifukwa kale chaka cha boma chinkayamba mu Julaye, ndipo chinasinthidwa mu 2022. Satifiketi ya mwezi wa Febuluwale 2024 imene inalowerera mu envulopu tinaiika pambali, popeza inali ya chaka china.

Tinayamba ndi kumanja. Mainivoisi a mabungwe onse pamodzi anakwana K14,000,000. Mayiwa ankafuna kulemba K11,200,000, poti ndiyo imene inalowa mu akaunti yawo ya kubanki. Ambiri amapunthwa pomwepa. Ndalama imene munthu wapeza ndi yonse ya pa inivoisi, kuphatikizapo imene inadulidwa, pakuti yodulidwayo ndi yake yomwe, kungoti inapita ku MRA m'dzina lake. Munthu sangaisiye powerengera zopeza kenako n'kuifunanso ngati yobweza.

Pa K14,000,000 imeneyi tinachotsa zimene anawononga pa ntchito: lendi ya kachipinda kamene amagwiriramo, intaneti, maulendo opita kumisonkhano amene bungwe silinalipire, ndi malipiro a mtsikana amene amawathandiza kutaipa. Zimene zinali ndi malisiti zinakwana K4,000,000. Fizi ya ana ndi magetsi a kunyumba ndinazikana, ngakhale mayiwa anaumirira kuti nthawi zina amamasulira usiku pabalaza. Laputopu imene anagula sitinaichotse yonse ngati mmene tichotsera lendi, chifukwa chipangizo chokhalitsa chili ndi kawerengedwe kake kosiyana, ndipo kuti nkhani isatalike ndaisiya kunja kwa manambala ano. Phindu lokhoma msonkho linatsala K10,000,000.

Msonkho wa munthu sukhala wofanana pa ndalama yonse, umakwera ngati masitepe. M'chaka chimenecho, K150,000 yoyamba pa mwezi inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, K2,050,000 yotsatira 30 peresenti, ndipo yoposera pamenepo 35 peresenti. Tikachulukitsa ndi miyezi 12, K1,800,000 yoyamba pa chaka ndi yaulere, K4,200,000 yotsatira ndi ya 25 peresenti, ndipo kuchokera pa K6,000,000 kufika pa K30,600,000 ndi 30 peresenti. Masitepe amenewa amasinthasintha ndi bajeti ya boma, ndiye wowerengera chaka china ayenera kutenga a chaka chomwecho, osati amene akumva pa wailesi lero.

Kwa mayiwa zinayenda motere. Pa K1,800,000 yoyamba palibe kanthu. Pa K4,200,000 yotsatira, msonkho ndi K1,050,000. Yotsala pa K10,000,000 ndi K4,000,000, ndipo 30 peresenti yake ndi K1,200,000. Zonse pamodzi K2,250,000. Tikachotsa imeneyi pa K2,800,000 imene anadulidwa, yobweza ndi K550,000.

Nkhope inagwa. "Ndiye kuti zina zonsezi zapita?" Ndinati sizinapite kulikonse, ndi msonkho wawo umene akanalipirabe, kungoti unalipidwa pang'onopang'ono iwo osaumva kuwawa. Ndinawachenjezanso kuti tisanasangalale ndi K550,000, mbali yakumanzere sitinaiyese.

Mbali imeneyi anthu amaiona ngati yosavuta, koma ndi imene imagwetsa madandaulo ambiri. Kunena kuti "anandidula" si umboni. Umboni ndi satifiketi ya msonkho wodulidwa imene wolipirayo amapereka, yosonyeza dzina ndi TPIN ya wodulidwa, ndalama yonse, ndi imene yadulidwa. Ndipo satifiketiyo iyenera kugwirizana ndi zimene zikuoneka pa akaunti ya munthuyo pa Msonkho Online, pakuti a MRA amayang'ana zimene zinafika kwa iwo. Tinatenga inivoisi iliyonse n'kuisakira anzake awiri: mzere wake pa sitetimenti ya kubanki, ndi satifiketi yake. Pamene zinthu zili bwino, ya kubanki kuphatikiza ya pa satifiketi imafanana ndendende ndi ya pa inivoisi.

Inivoisi imodzi inasowa mnzake. Inali ya K1,500,000, kubanki kunalowa K1,200,000, kusonyeza kuti K300,000 inadulidwa ndithu, koma satifiketi panalibe, ndipo pa Msonkho Online sinkaoneka. Zotere zimachitika m'njira zingapo. Mwina wa akaunti kubungweko analakwitsa nambala imodzi ya TPIN, ndalama n'kukakhala pa dzina la munthu wina. Mwina anapereka mochedwa, ikaoneka m'mwezi wina. Mwinanso, ndipo izi ziliko, bungwelo linadula koma ndalamayo silinapereke, linalipirira zina. Mulimonse mmene zinakhalira, wokakonza ndi wodulayo, ndipo wodulidwa ayenera kupita kukagogoda yekha. Kufikira zitakonzedwa, ndalama imene ili ndi umboni ndi K2,500,000, ndipo yobweza yatsika kufika pa K250,000.

Ndikuyendetsa chala pa sitetimenti ija ndinaona ndalama zina zolowa zimene zinalibe inivoisi ya bungwe: apa K80,000, apo K150,000, zina zochokera pa foni. Mayiwa anati, "Aaa, zimenezo ndi za anthu wamba, ophunzira amene ndimawakonzera zolemba zawo. Amenewo sadula msonkho." N'zoona kuti sadula, koma kusadulidwa sikutanthauza kuti ndalamayo ilibe msonkho. Zinakwana K1,200,000. Popeza mayiwa anali atafika kale pa sitepe ya 30 peresenti, ndalama yonseyi ikugwera pomwepo, ndipo ikuonjezera K360,000. Msonkho weniweni unakwera kufika pa K2,610,000.

Tsopano onani mmene zinatembenukira. Satifiketi yosowa ija ikapezeka, chikole ndi K2,800,000 ndipo yobweza ndi K190,000. Ikapanda kupezeka, chikole ndi K2,500,000, ndipo mayi amene anabwera kudzaitanitsa mamiliyoni ndi amene ali ndi ngongole ya K110,000.

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati za ophunzirazo sitingangozisiya. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaganiza choncho, koma wopempha kubwezeredwa ndalama amakhala akuitana yekha a MRA kuti aone mabuku ake. Iwo sabweza asanafufuze, ndipo sitetimenti ya kubanki ndi chimodzi mwa zinthu zimene angafunse. Zimene ine ndinaona m'mphindi khumi, wofufuza wa msonkho sangazidumphe, ndipo pamenepo pamabwera chilango ndi chiwongoladzanja. Chimodzimodzi ndi zowononga zopanda malisiti: pa sitepe ya mayiwa, K100,000 iliyonse imene yakanidwa imadya K30,000 pa yobweza.

Anthu apantchito amene amagwiranso maganyu apambali ndiwo amadabwa koposa. Tiyerekeze munthu wolandira K600,000 pa mwezi m'chaka chomwechi. PAYE wake pa mwezi ndi K87,500 pa sitepe ya 25 peresenti ndi K30,000 pa sitepe ya 30 peresenti, pamodzi K117,500. Ngati wagwira chaka chonse malipiro osasintha, zimene zalembedwa pa fomu ya P9 imene abwana amapereka zimangofanana ndi msonkho wake wa pachaka, palibe chobweza. Koma malipiro akewo adya kale sitepe yaulere ndi ya 25 peresenti. Akapeza phindu la K1,000,000 pa ganyu wapadera, msonkho wake ndi K300,000, pamene womulipirayo wangodula K200,000. Munthu ameneyu ali ndi satifiketi m'manja, akuyenda akuuza anzake kuti boma limubwezera, chonsecho ndiye ayenera kuonjezera K100,000. Palinso msonkho wina umene ukadulidwa nkhani yathera pomwepo, monga wa pa phindu limene kampani imagawira eni masheya. Umenewo sulowa kumanzere kwa tsamba lathu.

Kalata imene mayiwa ankafuna si imene imayambitsa nkhani. Choyamba ndi fomu ya msonkho ya pachaka, imene iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chitatha, pakuti popanda fomuyi a MRA alibe nambala ya kumanja yoti ayerekezere. Amene analipirako msonkho woyerekeza wa miyezi itatu iliyonse aulembenso kumanzere, pamodzi ndi masatifiketi. Ndipo ngati munthu ali ndi ngongole ya msonkho ya chaka china, yobwezayo imayamba yatseka dzenje limenelo, iye n'kulandira zotsala ngati zilipo. Kwa amene chaka ndi chaka amapezeka kuti wadulidwa mopitirira, a MRA amapereka satifiketi yoti asamadulidwe polipidwa, koma amapatsa okhawo amene mafomu awo ndi malipiro awo a msonkho ali m'malo.

Mayiwa anabwezera mapepala mu envulopu, koma inivoisi ya K1,500,000 ija anaipinda payokha n'kuiika m'chikwama. Lolemba m'mawa anandiimbira ali pa ofesi ya bungwe lija. Wa akaunti anali atatsegula faelo, ndipo pa TPIN ya mayiwa manambala awiri omaliza anali atasinthana malo.