Leka kukwela na kutsika mu Excel: ng'amba sikilini pawili

Ngati ndiwe kalembela wa vileji banki ku komboni kwanu, ukuidziwa nkhani iyi. Tsiku logawana ndalama lafika, mamembala ali pa mabenchi, koma buku ya mu Excel yapelewela K90. Nkhongole ya amai ena inalembedwa pa mzele 8, kubweza kwao kuli pansi kutali pa mzele 240. Ukatsika, waiwala nambala ya pamwamba. Ukakwela, waiwala ya pansi. Anthu nao ayamba kukuyang'ana monga wadya ndalama.

Manje mvela. Pa laputopu yako, dinya selo ya mu kolamu A, pakati pa sikilini, tinene A15. Pita ku View, udinye Split. Pazabwela mzele wogona wogawa sikilini pawili, ndipo mbali iliyonse izayenda payokha. Pamwamba siya mzele 8 uonekele, pansi tsika mpaka 240. Apa zonse zili pamaso: amai anatenga K1,500, chiongola dzanja ni 10 pa 100, ndiye ayenela kubweza K1,650. Koma pansi panalembedwa K1,560. Manambala awili anasinthana chabe malo, K90 ija yapezeka, palibe wakuba.

Chenjela na selo yamene wadinya. Excel imadula pamwamba na kumanzele kwa selo ija. Ukadinya D15, sikilini izang'ambika panai, tumawindo tung'onotung'ono. Zikatelo, dinyanso Split, mizele izachoka, uyambenso.

Koma Split imasewenza pa peji imodzi chabe. Ngati Malichi ali pa peji yake, Seputembala pa ina, pita ku View, udinye New Window. Fayilo izatseguka kawili, ndipo pamwamba pa dzina uzaona 1 na 2. Dinya Arrange All, usankhe Vertical, mawindo akhale kumanzele na kumanja. Mu windo imodzi tsegula Malichi, mu inzake Seputembala.

Ukafuna kuti mapeji awili aziyendela pamodzi, dinya View Side by Side. Iyi imayatsa Synchronous Scrolling: ukatsitsa uku, na uko kutsika. Ni yabwino ngati maina a mamembala ali pa mizele yofanana. Ngati safanana, izime, apo ayi uzayelekeza ndalama za anthu awili osiyana.

Apa ndiye pamene ambili amagwela: windo yachiwili si kope. Ni fayilo imodzimodzi. Ukafufuta nambala mu windo 2 poganiza kuti ungoyesa, yafufutika na mu windo 1. Ndiye konza K1,560 ija kamodzi chabe, uone ikusintha konse.

Ukasiliza, tseka windo 2 usanadinye Save. Ukasunga onse awili ali otseguka, mwezi wamawa fayilo izakutsegukila kawili pamaso pa gulu lonse.