Imelo yoyamba ya akauntanti kwa mwini golosale

Cha m'ma 7 koloko madzulo, mwini golosale ku Ndirande akatseka chitseko ntchito imakhala isanathe. Amakoka dilowa, kuwongola makwacha opindikapindika n'kuwawerenga kawiri. Kenako amatsegula foni kuti aone zomwe zalowa pa Airtel Money, akatero aonenso pa Mpamba. Pamsomali wapafupi ndi kaunta pabayidwa malisiti a katundu amene anaoda, ena inki yake yayamba kale kufufutika. Pansi pa kaunta pali kope la ngongole, lodetsedwa ndi mafuta ophikira m'mphepete, momwe mwalembedwa mayina a anthu amene anati adzalipira kumapeto kwa mwezi.

Munthu ameneyu ndi amene akauntanti wongoyamba kumene kudziimira payekha akufuna kumulembera imelo, kumupempha kuti azimulembera mabuku a bizinesi mwezi ndi mwezi. Wolembayo mwina ndi mtsikana amene wangomaliza maphunziro, ali ndi laputopu koma alibe ofesi, alibenso kasitomala ngakhale mmodzi woti amuchitire umboni. Woilandirayo watopa, ndipo chinthu chimene sachifuna n'komwe ndicho kuti mlendo adziwe ndalama zake.

Ongoyamba ambiri amalemba imeloyi ngati kalata yofunsira ntchito. Amayamba ndi sukulu imene anaphunzira, mayeso amene anakhoza, kenako mndandanda wa ntchito khumi zimene angathe, zonse m'Chingerezi cha m'kalasi. Palibe bodza m'menemo, koma mwini golosale sadziona m'kalata yotero. Iye sagona tulo chifukwa cha funso limodzi lokha: katundu akuyenda, makasitomala akubwera, nanga ndalama zikupita kuti? Imelo imene yatchula funso limeneli m'mizere itatu yoyambirira ndi imene imawerengedwa mpaka kumapeto.

Kuti akauntanti alitchule bwino, ayenera kukhala kuti yankho lake akulidziwa. Tiyerekeze golosale imene mwezi wathawu yagulitsa katundu wa K6,000,000. Poyamba mwezi m'mashelefu munali katundu wa K2,500,000, powerengera pa mtengo woodera. M'kati mwa mwezi mayi mwini golosaleyo anaoda wina wa K5,200,000, ndipo tsiku lomaliza atawerenga wapeza kuti watsala wa K2,600,000. Ndiye kuti katundu amene anatuluka anamudyera K5,100,000, ndipo pamwamba pake anapeza K900,000. Pamenepo tichotsepo lendi K150,000, malipiro a mnyamata wapakaunta K130,000, mayunitsi a magetsi K40,000 ndi thiransipoti yotutira katundu K80,000. Phindu lenileni ndi K500,000.

Koma mayiyo akaphatikiza za m'dilowa, za m'foni ndi za kubanki, akupeza kuti zangokwera ndi K60,000 poyerekeza ndi tsiku loyamba la mwezi. Apa mpamene ambiri amayamba kukayikira wantchito, mwina mpaka kumuchotsa. Chonsecho K440,000 inayo sinabedwe. K100,000 yakhala pashelefu, chifukwa katundu wachuluka kuposa poyamba. K140,000 ili m'kope la ngongole, kwa anthu amene anatenga shuga ndi sopo mweziwu osalipira. K200,000 anaitenga yekha mayiyo pang'onopang'ono: lero ya ndiwo, mawa ya makala, mkuja ya chipepeso kumaliro. Palibe tsiku limene anaona kuti watenga zambiri, n'chifukwa chake sanalembe.

Ntchito ya pamwezi imene akauntanti akugulitsa ndi imeneyi, kutenga K440,000 yosowa n'kuiloza pamene ili. Ndipo m'dziko limene mitengo siikhazikika, ntchitoyi ili ndi mbali ina. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, amakumbukira kugulitsa katundu pa mtengo wakale n'kukapeza kuti ndalamayo siikukwananso kuoda katundu wochuluka chimodzimodzi. Mpamba umatha chonchi dilowa ili yodzaza. Wolemba mabuku amene amayerekeza mtengo wogulitsira ndi mtengo woodera wa lero amachenjeza msanga.

Tsono imeloyo ikhale yotani? Nayi imodzi imene ndingaitumize ine ndikanakhala pamalo pa mtsikanayo. Pamutu pake ndingalembe mawu asanu ndi limodzi okha: Kulemba mabuku a golosale yanu pamwezi. M'kati mwake muli izi.

"Mayi, ndikukhulupirira muli bwino. Ndine uja ndinagula mafuta ophikira pagolosale yanu Loweruka lapitali, ndipo munandilola kukulemberani. Ndimakhala konkuno ku Ndirande, ndipo ntchito yanga ndi yolembera mabuku masitolo ang'onoang'ono.

"Eni masitolo ambiri amagulitsa bwino koma mwezi ukatha sadziwa kuti phindu ndi zingati komanso lapita kuti. Ndimathandiza pamenepo. Sabata iliyonse mumangonditumizira zithunzi za malisiti, kope la zogulitsa ndi kope la ngongole. Tsiku lomaliza la mwezi ndimabwera kudzawerenga nanu katundu. Pofika pa 7 mwezi wotsatira ndimakupatsani tsamba limodzi losonyeza zimene mwagulitsa, zimene mwagwiritsa ntchito, phindu, ndi anthu amene ali nanu ngongole.

"Mtengo wake ndi K45,000 pamwezi, ndipo mutha kusiya mwezi uliwonse. Sindigwira ndalama zanu, sindifuna nambala yachinsinsi ya foni kapena ya kubanki, ndipo sindine wa ku MRA. Zimene ndaona m'mabuku anu zimathera pakati pa inu ndi ine.

"Ngati mungalole, ndibwere Lachiwiri cha m'ma 2 koloko masana, nthawi imene makasitomala achepa, ndidzakuonetseni chitsanzo cha tsambalo. Sizitenga mphindi zoposa 15. Nambala yanga ili pansipa. Zikomo kwambiri, Mayi."

Mawu ake ndi ochepa, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Choyamba chija, cha mafuta ophikira, ndicho chimachotsa imeloyi pagulu la mauthenga a akathyali amene aliyense wa foni amawalandira. Chiyenera kukhala choona. Kwathu kuno munthu sayamba ndi pempho asanadziwike kuti ndi wa kuti, ndipo eni golosale ambiri saika adilesi ya imelo pachikwangwani. Njira yabwino yoipezera ndiyo kuipempha pamaso, ndipo kupemphako kumakhala kudziwana koyamba. Wina akanena kuti imelo saitsegula kawirikawiri, mawu omwewo apite pa WhatsApp. Eni hadiweya, mafamase ndi masitolo ogulitsa zolembera, amene amatumiza makotesheni kumasukulu ndi kumabungwe, ndiwo amatsegula imelo pafupipafupi.

Mtengo ndi pamene ongoyamba ambiri amachita manyazi. Amalemba kuti mitengo ndi yokambirana, poganiza kuti ndi ulemu. Koma wamalonda amakhala tsiku lonse akutchula mitengo, ndipo chinthu chopanda mtengo amachiyesa chodula. K45,000 ndaiika pano ndi chitsanzo chabe. Chofunika ndi kawerengedwe kake. Ngati golosale imodzi imadya ola limodzi pasabata kulowetsa malisiti, maola atatu kuwerenga katundu ndi ola limodzi kukonza tsambalo, ndiye maola 8 pamwezi, kuwonjezerapo minibasi ndi bandulo. Pagolosale ya phindu la K500,000 ija, K45,000 ndi 9 peresenti ya phindu, ndipo mayiyo adzaiwerengera motero ngakhale asanene. Akaona kuti ngongole za K140,000 zayamba kutoleredwa chifukwa tsopano zili pamndandanda wokhala ndi masiku, adzalipira mosadandaula. Koma okala imene phindu lake ndi K80,000 singakwanitse, ndipo n'kusaganizira mwini wake kumulembera imelo yotere.

Chiganizo chonena za MRA ena angachione ngati chosafunika. Ine ndimati ndicho chofunika kwambiri. Wamalonda akamva za mabuku, maganizo amathamangira ku msonkho, ndipo amaopa kuti akalola kulemberedwa mabuku wadziitanira okhometsa. Mantha amenewa sadzawatchula, adzangokhala chete osayankha. Choncho akauntanti awatchule yekha. Komabe asapitirire malire n'kulonjeza kuti adzachepetsa msonkho kapena kubisa zogulitsa. Lonjezo lotero limakopa, koma amene walipereka wavomera kulemba mabuku abodza, ndipo likadzaululika onse awiri ali m'madzi. Chimene angalonjeze moona mtima n'chakuti ngati sitolo ili ndi TPIN, ziwerengero zake zidzakhala zokonzeka tsiku lisanakwane: msonkho wa PAYE wodulidwa kwa antchito umaperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo amene analembetsa VAT amapereka fomu yake pofika pa 25. N'chifukwa chake m'imelo muja muli pa 7. Tsikuli limasiya sabata yathunthu yokonzera zolakwika.

Palinso nkhani ya dzina limene munthu akudzitcha. Ntchito za akauntanti ndi maodita m'Malawi zimayendetsedwa ndi lamulo la 2013, pansi pa bungwe la Malawi Accountants Board ndi la ICAM. Kulemba mabuku a pamwezi si oditi. Wongoyamba alembe maphunziro amene alidi nawo, pansi pa dzina lake kumapeto kwa imelo, asadzipatse udindo umene sanaufike. Tsiku lina kasitomala adzafuna ngongole kubanki, ndipo banki ikadzapempha mabuku osainidwa ndi odita, amene anadzikweza m'imelo yoyamba adzasowa chonena.

Zolakwika zina ndi za zala chabe, koma zimawononga. Munthu amatolera maadilesi 30, n'kuwaika onse pa To kapena pa Cc kuti atumize kamodzi. Aliyense wolandira amaona mayina a anzake, kuphatikizapo wa sitolo yoyandikana nayo imene akupikisana nayo, m'imelo yomweyo imene ikulonjeza kusunga chinsinsi. Bcc imabisa maadilesi, komabe imelo yopita kwa anthu 30 singatchule mafuta ophikira a Loweruka. Kulemba zisanu patsiku, iliyonse kwa mwini wake, kumaposa pamenepo. Asamatepo fayilo kapena linki, chifukwa bandulo ndi ndalama, ndipo anthu anaphunzira kuopa kutsegula zochokera kwa alendo.

Mayankho nawo amaonetsa pamene imelo yalakwika. Wina akafunsa kuti "Kodi kwenikweni mumachita chiyani?", ndiye kuti ndime yachiwiri ili ndi mawu a m'kalasi. Akafunsa kuti "Wakutumani ndani?", ndime yoyamba siinamange chikhulupiriro. Akati "Mabuku amalemba mwana wanga," si kukana ayi. Mtsikanayo afunse mwaulemu ngati mwanayo amawerenganso katundu kumapeto kwa mwezi, popeza popanda kuwerenga katundu phindu silidziwika, ndipo aone ngati angamagwire naye ntchito limodzi.

Ambiri sadzayankha n'komwe. Pakatha sabata, mtsikanayo adutse pagolosalepo masana, nthawi imene anaitchula ija, atanyamula tsamba limodzi losindikiza la sitolo yongopeka, lokhala ndi ziwerengero ngati zimene taona pamwambapa. Akapeza mayiyo akupimira kasitomala mpunga, adikire pambali mpaka amalize. Kenako apereke moni, aike tsambalo pakaunta, chala chake chili pamzere wa ndalama zotengera kunyumba, n'kufunsa kuti, "Mayi, inu za mwezi wathawu zinakwana zingati?"