Uthenga wa Lamulungu madzulo umene umaulula mmene sabata yathera

Lamulungu madzulo, ena akamasita zovala za ku ntchito, pali anthu amene amakhala pansi kwa mphindi zochepa ndi kulemba uthenga umodzi. Uthengawo umapita kwa mnzawo, kwa bwana, kapena kwa mphunzitsi amene akuwayang'anira pa maphunziro. Umanena zinthu zitatu zokha: cholinga chomwe munthu akulondola, pomwe wafika, ndi zomwe achite sabata ikubwerayi. Lamulungu lotsatira amalembanso wina.

Chizolowezi chounika sabata chinatchuka kwambiri ndi buku la David Allen wa ku America lotchedwa Getting Things Done, lomwe linatuluka mu 2001. Allen ankalangiza kuti munthu azipatula nthawi kamodzi pa sabata yoona ntchito zake zonse, ndipo ankati Lachisanu masana ndi nthawi yabwino. Ambiri amasankha Lamulungu chifukwa sabata imakhala itatheratu, pomwe Lolemba likadali lopanda kanthu. Koma chomwe chimapatsa chizolowezichi mphamvu si tsikulo ayi. Ndi kutumiza uthengawo kwa munthu wina, komanso kuuyamba ndi zimene unalonjeza Lamulungu lapitalo.

Ofufuza anayesapo nkhaniyi. Gail Matthews, katswiri wa za maganizo pa yunivesite ya Dominican ku California, anagawa anthu m'magulu asanu ndi kuwatsatira kwa masabata anayi. Ena anangoganizira zolinga zawo mumtima, ena anazilemba, ndipo gulu lomaliza linkatumizanso lipoti kwa mnzawo sabata iliyonse. Mwa otumiza malipotiwa, oposa 70 pa 100 aliwonse ananena kuti akwaniritsa cholinga chawo kapena apitirira theka. Mwa osunga zolinga mumtima, anali 35 okha pa 100. Kafukufukuyu anali wochepa, poti anthu 149 okha ndiwo anafika kumapeto, ndipo aliyense ankadziweruza yekha. Koma mu 2016 Benjamin Harkin ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana 138 wokhudza anthu pafupifupi 20,000, ndipo anapeza zofanana: kuyang'anira pomwe wafika kumathandiza kukwaniritsa cholinga, makamaka ngati ukulemba kapena kuuzako ena.

Kuti tione mmene zimayendera, tiyerekeze mayi wina amene ndi telala. Walandira oda ya mayunifolomu 60, ndipo sukulu ikuwafuna pakatha masabata anayi. Mwa masamu, ndiye kuti 15 pa sabata. Lamulungu loyamba akulembera mchimwene wake pa WhatsApp kuti agula nsalu, adula mayunifolomu 30, ndipo asoka 15. Lamulungu lachiwiri uthenga wake ukuwerengeka chonchi:

"Achimwene, cholinga chikadali mayunifolomu 60. Ndinalonjeza kugula nsalu, kudula 30 ndi kusoka 15. Nsalu ndagula, 30 ndadula, koma ndasoka 9 okha. Lolemba lonse linathera mu tauni kusaka nsalu, ndipo Lachinayi ndinali pa maliro. Masana ambiri ndimalandira anthu obwera ndi zigamba ndi mazipi. Atsala 51. Sabata ino ndisoka 10. Lolemba m'mawa ndikalankhula ndi telala mnzanga kuti azindisokera 7 pa sabata. Za zigamba ndizilandira Loweruka lokha."

Uthengawu ndi waufupi, koma wagwira ntchito yaikulu. Mayiyu akanangoti "sabata ino ndagwira ntchito kwambiri", akananena zoona ndithu, poti makina sanapume. Koma akaika 9 pambali pa 15, masamu amalankhula okha. Akapitiriza pa liwiro limeneli, pofika tsiku lopereka adzakhala atasoka 36, ndipo ana 24 adzasowa chovala. Wadziwa zimenezi kukadali masabata atatu, nthawi yokwanira kupeza womuthandiza kapena kukapempha aphunzitsi aakulu kuti apereke katunduyo m'magawo awiri. Popanda uthengawu, akanazindikira m'sabata yomaliza, makolo atayamba kale kufunsa.

Chinanso choyenera kuona ndi chakuti sanalonjeze 17, ngakhale kuti ndiyo nambala yofunika pa sabata kuti 51 athe m'masabata atatu. Walonjeza 10, pafupi ndi zomwe manja ake aonetsa kuti angathe, ndipo 7 otsalawo wawapezera njira ina. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Munthu akalephera sabata ino, amalonjeza zochuluka sabata yamawa kuti alipire ngongoleyo, kenako amalepheranso.

Vutoli si la matelala okha. Mu 1994 Roger Buehler ndi anzake ku Canada anafunsa ophunzira a pa yunivesite kuti adzamaliza liti kulemba kafukufuku wawo wa chaka chomaliza. Pakatikati ophunzirawo anati masiku pafupifupi 34, koma anatenga pafupifupi 55. Munthu akamakonza dongosolo amaona ntchito yokha, saona maliro, mlendo, mwana wodwala kapena magetsi ozima. Mauthenga akale akachuluka amakhala umboni. Telala wathu akaona kuti masabata angapo otsatizana wasoka 9, 10, 10, adziwa kuti mphamvu zake ndi zimenezo, ndipo oda yotsatira adzaipatsa masiku molingana nazo.

Kutalika kwa uthenga nakonso kuli ndi malire. Yvon Chouinard, amene anayambitsa kampani ya zovala ya Patagonia, amadziwika ndi lipoti lotchedwa 5-15: lolembedwa m'mphindi zosapitirira 15 ndi kuwerengedwa m'mphindi 5. Uthenga wotenga ola lathunthu sukhalitsa, chifukwa wolemba amatopa nawo ndipo wolandira amasiya kuuwerenga. N'chifukwa chake zochita za sabata ikubwerayo zimayenera kukhala zitatu kapena zinayi, chilichonse chili ndi nambala kapena tsiku. "Ndiyesetsa kupeza wondithandiza" si lonjezo lomwe munthu angalifunse Lamulungu lotsatira. "Lolemba m'mawa ndikalankhula ndi telala mnzanga" lili ndi yankho limodzi, inde kapena ayi.

Wolandira uthenga ali ndi ntchito yochepa koma yofunika. Sayenera kudzudzula kapena kuchemerera. Amangoyenera kuwerenga, kuyankha usiku womwewo kapena Lolemba m'mawa, ndi kufunsa funso limodzi lolunjika, monga lakuti, "Kodi telala mnzanuyo akakana, muchita bwanji?" Ngati wolandirayo ndi bwana amene amalanga aliyense wonena zolephera, mauthenga amayamba kukhala okometsera, ndipo nambala zoipa zimabisika.

Chizolowezichi chikayamba kufa, zizindikiro zimaoneka m'mauthenga momwemo. Gawo la zomwe zinalonjezedwa limasowa, n'kutsala mndandanda wautali wa zinthu zing'onozing'ono zomwe munthu wachita. Nambala zimalowedwa m'malo ndi mawu monga "zikuyenda". Kapena ntchito imodzi imangosamutsidwa kuchoka pa Lamulungu lina kupita pa lina. Ntchito ikaonekera katatu osachitika, nthawi zambiri imakhala yaikulu kwambiri, kapena ikudikira munthu wina, kapena mwini wake sakuifunanso. Telala amene walemba katatu kuti "ndikonzetsa makina achiwiri" ayenera kuiphwanya ntchitoyo n'kulemba kuti Lachiwiri aimbira wokonza makina kuti amve mtengo, kapena kuvomera kuti makinawo adikira mpaka sukulu itamulipira ndalama za mayunifolomu, n'kuichotsa pa mndandanda wa sabatayo.