Chithunzi cha pa pasipoti sichifuna kukongoletsedwa

Kusitudiyo zambiri, wojambula akatha kukutolani chithunzi amakhala pa kompyuta n'kuyamba kukusalazani. Ziphuphu amafafaniza, khungu amaliyeretsa pang'ono, makwinya amawachotsa. Pa chithunzi cha ukwati zimenezi n'zabwino ndithu. Koma pa chithunzi cha pasipoti, viza kapena chitupa, chifundo chotere chikhoza kukubwezetsani pa windo.

Chifukwa chake n'chakuti chithunzichi si chokumbukira ayi, ndi muyeso wa nkhope yanu. Bungwe la ICAO, lomwe limayang'anira za maulendo a pandege padziko lonse ndipo likulu lake lili ku Montreal, ndi lomwe limaika malamulo a mapasipoti m'chikalata chake cha nambala 9303. Pasipoti yamakono ili ndi kachipangizo mkati kosunga chithunzi cha mwini wake. Mukafika pa chipata cha makina pabwalo la ndege, kamera imakujambulani pomwepo, ndipo kompyuta imayerekeza nkhope yanu ndi yomwe ili m'kachipangizoko. Imaona kutalikirana kwa maso, kakhalidwe ka mphuno, nsagwada ndi chibwano. Ngati wina anakuchepetsani masaya kapena kukukulitsani maso, nkhope ziwirizo zimayamba kusiyana. Chipata chikakana kutseguka, mumakaima pamaso pa ofisala wa zolowa ndi kutuluka. Iyenso amadalira zizindikiro zomwe wojambula uja anazichotsa poti n'zonyansa: chipsera cha pachipumi, mphini, kadontho ka pansi pa diso.

Pali nkhani ina yoopsa kuposa apa. Akathyali amatha kusakaniza nkhope za anthu awiri pa kompyuta n'kupanga chithunzi chimodzi chofanana ndi onse awiri. Mmodzi, yemwe alibe mlandu, amakatenga pasipoti, winayo n'kumayendera. N'chifukwa chake maboma safuna kumva zoti "ndangokonza pang'ono". Ofisala alibe njira yodziwira pomwe kukonza kwachilungamo kwathera ndi pomwe chinyengo chayambira, choncho amakana zonse.

Nanga chololedwa n'chiyani? Titenge chitsanzo cha mayi amene akufunsira viza ya ku America ndipo mwana wake wamujambula pa foni. Lamulo la kumeneko limafuna chithunzi chofanana mbali zonse, chosachepera mapikiselo 600 m'litali ndi m'lifupi, chojambulidwa m'miyezi 6 yapitayi. Mutu, kuyambira pachibwano mpaka pamwamba pa tsitsi, uyenera kutenga pakati pa magawo 50 ndi 69 pa 100 alionse a kutalika kwa chithunzi. Pa chithunzi cha mapikiselo 600, ndiye kuti mutu ukhale pakati pa mapikiselo 300 ndi 414. Mayiyu ali ndi ufulu wodula m'mbali mpaka mutu ufike pa muyeso umenewu, komanso wochepetsa chithunzi chonse mofanana. Chosaloledwa ndi kuchikoka mbali imodzi kuti chikwane, chifukwa nkhope imatuluka yotalika kapena yophwatalala.

Tsopano tinene kuti khoma la kumbuyo kwake linali lobiriwira, pomwe pakufunika loyera. Ambiri amadula munthuyo pa kompyuta n'kumumata pamalo oyera. Izi zimakanidwa, ndipo sizivuta kuzigwira: m'mphepete mwa tsitsi mumaoneka ngati mwadulidwa ndi sizasi, nsonga ya khutu imadyeka, kamzere kobiriwira kamatsala m'mapewa. Njira yake ndi kupachika nsalu yoyera yosakwinyika n'kujambulanso. Chimodzimodzinso maso ofiira obwera ndi fulashi. Lamulo la ku America limalola kutchera kamera kuti iwapewe pojambula, koma osati kuwapenta pambuyo pake. Ngati mayiyu anavala magalasi, palibe zowafafaniza. Awavule ajambulidwenso, poti kuyambira mu 2016 dzikolo silivomera magalasi pa zithunzizi pokhapokha pali kalata ya dokotala.

Vuto lomwe limatipeza kwambiri ife akhungu lakuda ndi la kuwala. Kamera ikaona nsalu yoyera kumbuyo imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii, maso ndi mphuno osaoneka bwino. Wojambula waulesi amathamangira kuyeretsa nkhopeyo pa kompyuta, munthu n'kutuluka wotuwa ngati wodwala. Mankhwala ake ndi kuwunikira nkhope mokwanira pojambulapo, kuwala kuchokere kutsogolo, mwachitsanzo moyang'anizana ndi zenera. Khungu lituluke mtundu wake weniweni.

Chenjeraninso ndi foni yeniyeniyo. Mafoni ambiri amasalaza nkhope okha, makamaka pa kamera ya kutsogolo, mwini wake osadziwa. Musanajambule zimitsani `Beauty` ndi zosefera zonse, ndipo musadzijambule nokha. Pemphani wina aime chapatali pang'ono, chifukwa foni ikayandikira kwambiri mphuno imaoneka yaikulu. Mukapita kusitudiyo, muuzeni wojambula asanakhale pa kompyuta kuti adule chithunzicho pa muyeso wake basi, nkhope asaikhudze.