Manambala ndi Mawu a Anthu: Kodi Akulankhulana?

Tiyerekeze kuti ofufuza awerengera amayi apakati napeza kuti ambiri okhala kutali ndi chipatala amayamba sikelo mochedwa. Kenako acheza ndi amayi ena. Funso loyamba: anawasankha bwanji amayiwo? Ngati anapita dala kwa ochedwawo, ndiye kuti manambala ndiwo anatsogolera machezawo, ndipo mpofunika kutero.

Kenako fufuzani pomwe mbali ziwirizi zasemphana. Manambala akuloza mtunda, koma amayi akuti amabisa mimba ikadali yaing'ono poopa kulodzedwa. Wofufuza waluso amabwerera ku manambala kukaona ngati okhala pafupi nawonso amachedwa. Ine ndimakayika lipoti likangondandalika mawu a amayi m'mutu wakewake, popanda nambala iliyonse imene mawuwo aimasulira kapena kuitsutsa.