Chiphaso Chakonzedwa, Koma Fayilo ya Kuntchito Ikadali ndi Zakale

Munthu akalandira chiphaso cha unzika chokonzedwa ku ofesi ya NRB pa boma, amatuluka mtima uli m'malo. Dzina lija lakhala bwino, chaka chobadwa chabwerera pamalo pake, maulendo atha. Chimene ambiri saganizira n'chakuti kuntchito kwawo sakudziwa kanthu. A NRB akonza kaundula wawo basi. Fayilo imene ili mu kabati ya ofesi yoona za ogwira ntchito ikadali ndi fotokope ya chiphaso chakale, ndipo idzakhala choncho mpaka mwini wake atalemba kalata.

Zolakwika zambiri zidachokera pa kalembera wa mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo adalembetsa m'miyezi yowerengeka. Alembi ankagwira ntchito m'masukulu ndi pansi pa mitengo, mizere itatalika, dzuwa likuswa mtengo. Phiri wina adatuluka Phili, poti pakamwa pathu "l" ndi "r" n'zapachibale. Kwa ena, dzina la bambo lidakhala loyamba, lawo lili kumapeto. Ena tsiku ndi mwezi zidasinthana malo. Poyamba anthu sadalabadire kwenikweni, koma chiphasocho chitayamba kufunidwa ku banki, polembetsa nambala ya foni ndiponso kuntchito, chilembo chimodzi chidasanduka nkhani yaikulu. Aphunzitsi a m'boma amakumbukira bwino Disembala wa 2019, pamene ambiri a iwo malipiro awo sadatuluke chifukwa cha nkhani ya ziphaso pa mndandanda wa malipiro, mpaka kudachitika sitalaka mu Januwale 2020.

Tiyerekeze mayi wina, kalaliki pa kampani ina ku Limbe. Adabadwa pa 12 Malichi 1978, koma pa chiphaso padalembedwa 1973, poti 8 wolembedwa mothamanga amafanana ndi 3. Kampani itaitanitsa mafotokope a ziphaso za antchito onse, mlembi wa mu ofesi adakopera chaka cholakwikacho mu kompyuta, ndipo kuchokera pamenepo chidapita ku kampani yosunga penshoni. Tsopano NRB yakonza. Ngati malamulo a pakampanipo amati munthu apume akafika zaka 60, kompyuta idzamupumitsa mu 2033 m'malo mwa 2038. Lamulo la penshoni, kuyambira lija la 2011, limati wolemba ntchito aziponya osachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito 5. Pa malipiro a K400,000, ndiye kuti K60,000 imalowa m'thumba la penshoni mwezi uliwonse. Miyezi 60 ya zaka zisanu zotayikazo ndi K3,600,000, osawerengera phindu la ndalamazo ngakhale malipiro enieniwo. Kalata ya tsamba limodzi ndiyo ikuteteza zonsezi.

Kalata yoteroyo ili ndi ntchito imodzi yaikulu: kusonyeza kuti munthu wa pa chiphaso chakale ndi wa pa chatsopano ndi mmodzi yemweyo, ndi kuloza chala penipeni pamene pasinthidwe. Makalata ambiri amalephera pomwepa. Munthu amadzaza tsamba ndi mmene adavutikira pa mzere, mmene adayendera kanayi, kenako n'kumaliza ndi mawu akuti "chonde mundikonzere zonse." Wolandira kalatayo ali ndi mafayilo mazana. Sangatenge ziphaso ziwiri n'kuyamba kufufuza yekha pamene pali kusiyana, ndipo akayesa, akhoza kukonza dzina n'kusiya chaka.

M'maofesi ambiri kalata zotere zimalembedwa m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi amodzimodzi m'chinenero chilichonse. Pamwamba pamakhala keyala ya wolemba ndi tsiku. Imapita kwa mkulu woona za ogwira ntchito, ndipo m'boma imadzera kwa bwana wapafupi, monga mphunzitsi wamkulu wa sukulu, amene amasayina ndi kudinda asanaitumize kumtunda. Kalata yolumpha bwana wapafupi kawirikawiri imabwezedwa. Mutu wake uzinena nkhani yonse pamzere umodzi, kuti ndi pempho lokonza tsiku lobadwa m'fayilo, ndipo nambala ya ntchito ikhale pomwepo. Nambala imeneyi njofunika kuposa dzina, makamaka pamene dzinalo ndilo lasintha, chifukwa ndi imene wa mu ofesi amafufuzira. Pa kampani ya a Banda khumi ndi awiri, nambala yokha ndiyo imawasiyanitsa.

Thunthu la kalata ya mayi wa ku Limbe uja likhoza kumveka chonchi:

"Ndikupempha ofesi yanu kuti ikonze tsiku langa lobadwa m'fayilo yanga ndi mu kompyuta ya malipiro. Chiphaso changa chakale chidalembedwa molakwika kuti 12 Malichi 1973. Tsiku lolondola ndi 12 Malichi 1978, monga zilili pa chiphaso chatsopano chimene NRB yandipatsa. Dzina langa, udindo wanga ndi akaunti yanga ya ku banki sizinasinthe. Ndikupemphanso kuti mudziwitse kampani yosunga penshoni yathu ndi a sikimu ya chipatala, ndipo mundiyankhe polemba izi zikachitika. Ndaphatikizapo mafotokope otsimikizidwa a ziphaso zonse ziwiri, kadi ya ubatizo ndi fomu imene ndidalemba polowa ntchito."

Chiganizo chonena zimene sizinasinthe chimaoneka ngati chosafunika, koma chimathandiza kwambiri. Ofesi ya malipiro imachita mantha ikaona pempho losintha zinthu pa fayilo ya munthu, chifukwa akuba malipiro amalowera khomo lomweli: asintha dzina pang'ono, asintha akaunti, ndalama zapita kwina. Wa mu ofesi akaona kuti akaunti ikhala yomweyo, amamasuka.

Umboni wake umadalira chimene chasintha. Chilembo chimodzi cha m'dzina sichivuta. Ziphaso ziwirizo zitaikidwa pamodzi zimadzinenera zokha. N'chifukwa chake munthu wanzeru amajambula chiphaso chakale mbali zonse ziwiri asanapite nacho kokakonzetsa, poti chikhoza kutsala komweko. Dzina likasintha kwambiri, monga kuchoka pa la mwamuna kubwerera pa la bambo, pamafunika chikalata cholumbira pamaso pa loya kapena majisitireti, chonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Chikalata chimenechi chidzagwirabe ntchito m'tsogolo, chifukwa masatifiketi a MANEB ndi a kukoleji adzakhalabe ndi dzina lakale.

Chaka chobadwa ndiye nkhani ina. Pano ofesi imayamba ndi kukayika, ndipo sitingaiimbe mlandu, poti alipo anthu amene amadzichepetsa zaka akaona kuti kupuma kwayandikira. Chiphaso chatsopano pachokha sichithetsa chikaiko chimenechi, chifukwa wa mu ofesi amadzifunsa kuti: kodi wakonza cholakwika, kapena wagula zaka zisanu? Chimene chimayankha funsoli ndi mapepala akale, olembedwa kalembera wa 2017 asanachitike, pa nthawi imene munthuyo adalibe chifukwa chonamira. Kadi ya ubatizo, pasipoti yakale, laisensi yoyendetsera galimoto, zonsezi zimalemera. Koma wamphamvu kuposa onse ndi fomu imene munthu adalemba tsiku loyamba ntchito, chifukwa ili kale m'fayilo ya ofesi yomweyo. Mayi uja ngati adalemba 1978 pamenepo, kalata yake ingowauza kuti atsegule tsamba loyamba la fayilo. Vuto limakula kwa amene fomu yoyambayo nayonso ili ndi chaka china. Olemba ntchito ambiri amagwiritsitsa chaka chimene munthu adatchula polowa, ndipo kuchisuntha kumafuna umboni wochuluka ndi chilolezo cha akuluakulu. Ameneyo asadikire kuti kutsale chaka chimodzi kuti apume. Pempho lobwera nthawi imeneyo limanunkha, ngakhale litakhala loona.

Pali msampha wina kwa amene dzina lasintha: banki. Malipiro amapita ku akaunti imene ili ndi dzina, ndipo dzina la pa mndandanda wa malipiro likasiyana ndi la ku banki, ndalama zikhoza kuimitsidwa kapena kubwezedwa. Ndiye n'kwabwino kukonza mbali ziwirizi m'sabata imodzi, malipiro atangotuluka kumene, kuti pakhale masiku okwanira mndandanda wa mwezi wotsatira usanatsekedwe. Kufunsa wa malipiro tsiku limene amatseka mndandandawo sikutenga mphindi ziwiri. Dzina lomwelo limapitanso ku MRA pa msonkho wodulidwa pa malipiro, komanso ku SACCO ngati munthu amadulidwa ngongole, choncho kalata izitchule ngati zikumukhudza.

Penshoni ndi imene imaiwalika kwambiri, chifukwa cholakwika chake sichiwawa lero. Ofesi ikhoza kukonza kompyuta yake n'kuiwala kulembera kampani yosunga penshoni, monga Old Mutual kapena NICO, imene ili ndi kaundula wakewake. Zimadzaululika patapita zaka, munthu akupuma, kapena choipitsitsa atamwalira, ana ndi mkazi wamasiye atanyamula chikalata cha imfa chokhala ndi dzina losiyana ndi la pa thumba la penshoni. Wakuti afotokoze kulibe. Banja lolira limayamba kuyendera ofesi ya bwanamkubwa ndi maloya kuti litsimikize chinthu chimene mwini wake akadachikonza ndi siginecha imodzi. Pa chifukwa chomwechi, ngati chiphaso chokonzedwacho ndi cha mkazi, mwamuna kapena mwana amene adalembedwa pa fomu ya odzalandira penshoni, fomuyonso isinthidwe.

Popereka kalata, munthu atenge makope awiri ndi chiphaso chenichenicho, kuti wolandira achione ndi maso n'kumubwezera. Kope imodzi itsale, inayo idindidwe chidindo cha tsiku lolandirira n'kubwerera nayo kunyumba. Kuuza bwana pakhonde kapena kutumiza chithunzi pa WhatsApp sikulowa m'fayilo, ndipo bwanayo akasamutsidwa, nkhani yapita naye.

Mayi wa ku Limbe adzadziwa kuti zatheka poona mapepala. Dzina limaoneka pa kapepala ka malipiro a mwezi wotsatira. Tsiku lobadwa nthawi zambiri silikhalapo, ndiye apemphe kuti amusindikizire tsamba la mbiri yake mu kompyuta, kenako aitanitse sitetimenti ya penshoni n'kuona chaka chobadwa kapena chaka chopumira chimene chalembedwapo. Akapeza 2033 pakadali, alembe kalata yachiwiri yaifupi, yotchula tsiku la chidindo cha yoyamba ija, ndi kope yake yodindidwa ataiphatika kumbuyo.